Mzere wa ROC ndi kusankha malire poyeza matenda

Mzere wa ROC ndi mzere wokhota umene umajambulidwa pa galafu pofuna kuona mmene njira ina yoyezera matenda imasiyanitsira anthu odwala ndi osadwala. Umagwiritsidwa ntchito pamene zotsatira za kuyezako zili nambala, monga kuchuluka kwa shuga m'magazi kapena kukula kwa mkono wa mwana, ndipo achipatala ayenera kusankha nambala imodzi yoti ikhale malire. Amene ali mbali imodzi ya malirewo amatengedwa kuti akudwala, ndipo amene ali mbali inayo amatengedwa kuti ali bwino.

Mzerewu umaonetsa zimene zingachitike pa malire alionse amene angasankhidwe: odwala angati apezeka, komanso anthu angati osadwala aganiziridwa molakwa. Koma mzerewo pawokha sunena malire oyenera. Amasankha ndi anthu, poyang'ana kuopsa kwa kuphonya wodwala, mtengo wa thandizo, ndi kuchuluka kwa matendawo m'dera. Ku Malawi chitsanzo chodziwika bwino ndi lamba wa MUAC woyezera mkono wa ana, amene alangizi a zaumoyo amayenda naye kusikelo ndi m'midzi, kuphatikizapo madera akutali ngati Wenya m'boma la Chitipa.

## Chifukwa chake pamafunika malire

Pakanakhala kuti odwala onse ali ndi nambala zawozawo ndipo osadwala ali ndi zawonso, sipakanakhala vuto. Koma m'thupi la munthu zinthu sizikhala choncho. Mwana wina wa miyezi 7 amakhala ndi mkono waung'ono chifukwa choti ndi wamng'ono basi, pamene wina wa zaka 4 akhoza kukhala atanyentchera koma mkono wake ukadali wokulirapo kuposa wa khanda lija. Nambala za magulu awiriwa zimalowana pakati. Kulikonse kumene malire angaikidwe, ena odwala adzatsala kunja ndipo ena osadwala adzalowa m'kati.

Choncho munthu aliyense woyezedwa amagwera m'gulu limodzi mwa magulu anayi:

- wodwala amene kuyeza kwamupeza
- wodwala amene kuyeza kwamuphonya
- wosadwala amene kuyeza kwamuganizira molakwa kuti akudwala
- wosadwala amene kuyeza kwamusiya, monga kuyenera

Kuchokera pa magulu amenewa pamatuluka ziwerengero ziwiri. Choyamba ndi mphamvu yopeza odwala, imene m'mabuku a zachipatala imatchedwa sensitiviti. Chimayankha funso lakuti, pa odwala 100 alionse, kuyezaku kumapeza angati? Chachiwiri ndi mphamvu yosiya osadwala, imene imatchedwa sipesifisiti. Chimayankha funso lakuti, pa anthu 100 alionse osadwala, kuyezaku kumasiya angati osawaganizira?

```
sensitiviti   = odwala opezeka / odwala onse
sipesifisiti  = osadwala osiyidwa / osadwala onse
oganiziridwa molakwa = 1 - sipesifisiti
```

Ziwerengero ziwirizi zimakokana. Malire akasunthidwa kuti apeze odwala ambiri, amakokeranso m'kati anthu ambiri osadwala. Akasunthidwa kuti osadwala asavutitsidwe, odwala ambiri amaphonyedwa. Mzere wa ROC ndi chithunzi cha kukokana kumeneku.

## Lamba wa MUAC

MUAC ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza muyezo wozungulira pakati pa mkono wa kumtunda. Amayezedwa ana a miyezi 6 mpaka 59. Woyeza amapinda mkono wamanzere wa mwana, n'kupeza pakatikati pa nsonga ya phewa ndi nsonga ya chigongono, n'kuikapo chizindikiro. Kenako amauongola mkonowo kuti ulendewere momasuka, amazunguliza lamba pa chizindikiro paja mosathina komanso mosakhwefula, ndipo amawerenga nambala imene ikuoneka pa kazenera ka lambayo.

Lambayu ali ndi mitundu itatu. Pofiira ndi pamene mkono uli wochepera masentimita 11.5, ndipo zimasonyeza kunyentchera kwambiri. Pachikasu ndi kuyambira 11.5 mpaka pansi pa 12.5, kusonyeza kunyentchera pang'ono. Pobiriwira ndi kuyambira 12.5 kupita m'mwamba. Mwana amene watupikana mapazi onse awiri amatengedwa kuti ndi wonyentchera kwambiri, mkono wake ukhale waukulu bwanji.

Wenya ili kumwera kwa boma la Chitipa, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwenewenya, ndipo ili ndi chipatala chaching'ono. Mwana amene wapezeka pofiira koma akudya bwino ndipo alibe matenda ena oopsa amathandizidwa akuchokera kunyumba, ndipo mayi amalandira chiponde kuchipatala chaching'onocho. Amene akukana kudya kapena wadwalika amatumizidwa kukagonekedwa ku wodi ya ana onyentchera, ndipo ulendo wochoka ku Wenya kupita kuchipatala chachikulu cha boma ndi wautali. Ndi chifukwa chake malo pamene mtundu wofiira umathera si nkhani ya pepala chabe. Theka la sentimita limasintha chiwerengero cha ana olandira chiponde, cha amayi osiya munda kupita kuchipatala, ndi cha ana obwezedwa kunyumba akudwala.

## Kajambulidwe ka mzere

Kuti mzere wa ROC ujambulidwe pamafunika zinthu ziwiri pa munthu aliyense: nambala imene kuyeza kwapereka, ndi yankho lenileni lakuti akudwala kapena ayi, lochokera ku njira ina yodalirika kwambiri. Ziwerengero zili m'munsizi ndi zongoyerekeza pofuna kuonetsa kawerengedwe, si zotsatira za kafukufuku.

Tiyerekeze kuti ana 1,000 abwera kuchipatala chaching'ono atadwala matenda osiyanasiyana. Onse ayezedwa mkono, ndipo onse apimidwanso mokwanira ndi achipatala. Kupimako kwatsimikiza kuti ana 100 ndi onyentchera kwambiri ndipo 900 si onyentchera kwambiri. Tsopano tiyesa malire asanu, limodzi ndi limodzi, n'kuwerenga ana amene mkono wawo uli pansi pa malirewo.

| Malire, masentimita | Odwala opezeka, pa 100 | Osadwala oganiziridwa, pa 900 | Sensitiviti | Sipesifisiti |
|---|---|---|---|---|
| pansi pa 11.0 | 30 | 9 | 0.30 | 0.99 |
| pansi pa 11.5 | 50 | 27 | 0.50 | 0.97 |
| pansi pa 12.0 | 70 | 72 | 0.70 | 0.92 |
| pansi pa 12.5 | 85 | 180 | 0.85 | 0.80 |
| pansi pa 13.5 | 96 | 450 | 0.96 | 0.50 |

Galafu imakhala ya mbali zinayi zofanana. Mbali yoimirira imayambira pa 0 pansi kufika pa 1 pamwamba, ndipo imaonetsa sensitiviti. Mbali yopingasa imayambira pa 0 kumanzere kufika pa 1 kumanja, ndipo imaonetsa gawo la osadwala amene aganiziridwa molakwa. Malire alionse amapereka dontho limodzi. Malire a 11.0 amapereka dontho pa 0.01 chopingasa ndi 0.30 choimirira. A 11.5 amapereka dontho pa 0.03 ndi 0.50. A 12.0 ali pa 0.08 ndi 0.70, a 12.5 ali pa 0.20 ndi 0.85, ndipo a 13.5 ali pa 0.50 ndi 0.96.

Pali madontho enanso awiri amene amapezeka pa mzere uliwonse wa ROC. Malire akakhala otsika kwambiri moti palibe mwana amene akugweramo, odwala opezeka ndi 0 ndipo oganiziridwa molakwa ndi 0. Limeneli ndi dontho la pakona ya pansi kumanzere. Malire akakhala okwera kwambiri moti ana onse akugweramo, ziwerengero zonse ziwiri ndi 1. Limeneli ndi dontho la pakona ya pamwamba kumanja. Madontho onse akalumikizidwa, mzere wa ROC watuluka.

Mzere wa m'chitsanzochi umakwera mofulumira poyamba, kenako umakhota n'kuyamba kuyenda chogona. Poyambapo, kukweza malire kumapeza odwala ambiri popanda kukokera osadwala ambiri. Pamene mzere wagona, kukweza malire kumangowonjezera osadwala. Njira yoyezera yopanda cholakwa ingakhale ndi mzere wokwera molunjika mpaka pakona ya pamwamba kumanzere. Njira yopanda phindu, yofanana ndi kuponya ndalama m'mwamba, imapereka mzere wowongoka wochoka pakona ya pansi kumanzere kupita pakona ya pamwamba kumanja.

## Malo a pansi pa mzere

Kukula kwa malo amene ali pansi pa mzere kumatchedwa AUC. Ndi nambala imodzi yofotokoza mzere wonse. Njira yopanda cholakwa imakhala ndi AUC ya 1, ndipo yongoganizira imakhala ndi 0.5. Pofuna kuiwerengera, malowo amagawidwa m'zidutswa pakati pa madontho oyandikana. M'lifupi mwa chidutswa chilichonse amachulukitsa ndi kutalika kwake kwa pakati, kenako zonse amaphatikiza. Mwachitsanzo, chidutswa cha pakati pa malire a 12.0 ndi 12.5 ndi chotakata 0.12, ndipo kutalika kwake kwa pakati ndi 0.775, choncho kukula kwake ndi 0.093. Zidutswa zonse zisanu ndi chimodzi za m'chitsanzochi zikaphatikizidwa zimakwana pafupifupi 0.89.

Tanthauzo la nambalayi ndi losavuta. Tikatenga mwana mmodzi wodwala ndi mmodzi wosadwala mosasankha, AUC ndi mwayi wakuti wodwalayo akhala ndi mkono wochepa kuposa mnzakeyo. AUC ya 0.89 ikutanthauza kuti pa maulendo 100 otere, zikhala choncho pafupifupi maulendo 89. Sikutanthauza kuti lamba amalondola pa ana 89 mwa 100 alionse, ngakhale anthu ambiri amamva choncho.

AUC imathandiza poyerekeza njira ziwiri zoyezera. Mu 2005 James Berkley ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa ana oposa 8,000 amene anagonekedwa pachipatala cha boma la Kilifi ku Kenya. Anafuna kudziwa njira imene imasonyeza bwino ana amene angamwalire ali m'chipatala: kuyeza mkono, kapena kuyerekeza kulemera kwa mwana ndi msinkhu wake. AUC ya mkono inali 0.75 ndipo ya kulemera ndi msinkhu inali 0.74, kutanthauza kuti panalibe kusiyana kwenikweni. Izi zinali zofunika chifukwa kuyeza kulemera ndi msinkhu kumafuna sikelo, thabwa loyezera, anthu awiri ndi tebulo la nambala, pamene kuyeza mkono kumangofuna lamba wokwana m'thumba.

Komabe AUC sinena chilichonse za malire. Imaphatikiza malire onse, ngakhale amene palibe angawagwiritse ntchito. Njira ziwiri zikhoza kukhala ndi AUC yofanana koma mizere yake n'kupingasana, ina n'kukhala yabwino kumanzere kwa galafu ndipo inayo kumanja. Zikatero, chofunika ndi kuyang'ana chigawo cha mzere chimene achipatala adzagwiritsedi ntchito.

## Kusankha malire

### Njira ya Youden

Njira yodziwika kwambiri ndi imene W. J. Youden analemba mu 1950. Pa malire alionse amawerengera nambala iyi, n'kusankha malire amene nambalayo yakula kwambiri:

```
J = sensitiviti + sipesifisiti - 1
```

M'chitsanzo chija, J ndi 0.29 pa malire a 11.0, ndi 0.47 pa 11.5, ndi 0.62 pa 12.0, ndi 0.65 pa 12.5, ndipo imatsika kufika 0.46 pa 13.5. Njira ya Youden ikusankha 12.5. Pa galafu, limeneli ndi dontho limene lili patali kwambiri pamwamba pa mzere wowongoka wa pakati uja.

Vuto la njirayi ndi lakuti imaona sensitiviti ndi sipesifisiti ngati zolemera mofanana. Siifunsa kuti odwala ndi ochuluka bwanji, ndiponso siifunsa kuti cholakwa chilichonse chimapweteka motani. Kutaya gawo limodzi pa 100 la sipesifisiti m'chitsanzochi ndi ana 9, pamene kupindula gawo limodzi pa 100 la sensitiviti ndi mwana mmodzi. J imawerenga ziwirizi ngati chimodzimodzi.

### Kuwerenga mtengo wa sitepe iliyonse

Njira yomveka bwino ndi kufunsa kuti, tikakweza malire sitepe imodzi, tipeza odwala angati owonjezera, ndipo tikokera osadwala angati? Kuchoka pa 11.0 kufika pa 11.5 tikupeza odwala 20 owonjezera, ndipo osadwala owonjezera ndi 18. Apa wodwala mmodzi akubwera ndi wosadwala mmodzi. Kuchoka pa 11.5 kufika pa 12.0 tikupezanso odwala 20, koma osadwala ndi 45, ndiye kuti oposa awiri pa wodwala aliyense. Kuchoka pa 12.0 kufika pa 12.5 odwala ndi 15 ndipo osadwala ndi 108, pafupifupi 7 pa wodwala aliyense. Kuchoka pa 12.5 kufika pa 13.5 odwala ndi 11 okha ndipo osadwala ndi 270, pafupifupi 25 pa wodwala aliyense.

Apa ndi pamene masamu amathera ndipo chiganizo cha anthu chimayambira. Tiyerekeze kuti akuluakulu a zaumoyo agwirizana kuti kuphonya mwana mmodzi wonyentchera kwambiri ndi koipa mofanana ndi kuganizira molakwa ana 20. Ndiye kuti sitepe iliyonse imene mtengo wake uli pansi pa 20 ndi yoyenera kuitenga. Masitepe atatu oyamba akudutsa, koma yomaliza ya 25 siikudutsa. Malire akhala 12.5. Koma akagwirizana kuti sangapirire osadwala oposa awiri pa wodwala aliyense, mwina chifukwa chiponde chilipo chochepa, malire aima pa 11.5. Mzere wa ROC ndi womwewo, koma malire asintha.

Mtengo wa zolakwa ziwirizi umaoneka ndi maso. Mwana wonyentchera kwambiri amene waphonyedwa akhoza kumwalira ndi chibayo kapena kutsegula m'mimba asanayezedwenso. Mwana woganiziridwa molakwa sapwetekedwa ndi chiponde, koma amadya cha mnzake. Paketi imodzi ya chiponde imalemera magalamu 92, katoni imakhala ndi mapaketi 150, ndipo mwana mmodzi amafuna pafupifupi katoni yathunthu kuti achire pa masabata 6 mpaka 8. Pa malire a 11.5 ana olowa m'ndondomeko ndi 77, pamene pa 12.5 ndi 265. Onsewa atati alandire chiponde, kusiyana kwake ndi makatoni pafupifupi 190.

### Kuchuluka kwa matenda m'dera

Malire amene ali oyenera pakhomo la chipatala sakhala oyenera nthawi zonse m'mudzi. Tiyerekeze kuti lamba yemweyo, wokhala ndi sensitiviti ndi sipesifisiti zomwezo, wagwiritsidwa ntchito poyeza ana onse m'midzi, kumene ambiri ali bwino. Pa ana 10,000, onyentchera kwambiri ndi 100 ndipo ena onse ndi 9,900.

Pa malire a 11.5 odwala opezeka akadali 50, koma osadwala oganiziridwa tsopano ndi 297. Mwa ana 347 amene lamba wawaloza, mmodzi yekha mwa 7 alionse ndi amene akudwaladi. Kuchipatala kuja anali 50 mwa 77, pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Pa malire a 12.5 odwala opezeka ndi 85 ndipo oganiziridwa molakwa ndi 1,980, ndiye kuti odwala ndi 4 okha pa ana 100 alionse olozedwa.

Mtengo wa masitepe nawonso wasintha. Kuchoka pa 11.0 kufika pa 11.5 tikupeza odwala 20 ndi osadwala 198, pafupifupi 10 pa wodwala aliyense. Kuchoka pa 11.5 kufika pa 12.0 tikupeza odwala 20 ndi osadwala 495, pafupifupi 25 pa wodwala aliyense. Potsatira lamulo lija la 20, m'mudzi malire aima pa 11.5, pamene kuchipatala anafika pa 12.5. Mzere wa ROC suonetsa kusintha kumeneku, chifukwa mbali yake iliyonse imawerengedwa m'kati mwa gulu lake, odwala pawokha ndi osadwala pawokha. Woyang'ana galafu yokha sangadziwe kuti osadwala ndi 900 kapena 9,900.

## Mmene malire a lamba anasinthira

Malawi ndi limodzi mwa mayiko oyamba kuthandiza ana onyentchera kwambiri akuchokera kunyumba. Ndondomekoyi inayesedwa m'boma la Dowa mu 2002 ndi mabungwe a Valid International ndi Concern Worldwide mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, ndipo pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. M'zaka zoyambazo malire a kunyentchera kwambiri anali masentimita 11.0.

Mu 2009 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse pamodzi ndi UNICEF anakweza malirewa kufika pa 11.5. Anapereka zifukwa ziwiri. Choyamba, miyezo yatsopano ya kakulidwe ka ana ya 2006 inaonetsa kuti pa ana odya bwino, osakwana mmodzi pa 100 alionse ndi amene mkono wawo umachepera 11.5, choncho malirewa sakokera ana ambiri athanzi. Chachiwiri, ana amene ali pansi pa 11.5 amamwalira kwambiri poyerekeza ndi amene ali pamwamba pake. M'mawu a mzere wa ROC, anasunthira dontho m'mwamba pa chigawo chimene mzere ukadali wokwera, pamene sensitiviti imawonjezeka kwambiri koma sipesifisiti imangotsika pang'ono. Zotsatira zake zinali zakuti ana olowa m'ndondomeko anachuluka.

Mitundu itatu ya lamba ndi yankho linanso pa vuto la malire. M'malo mosankha dontho limodzi pa mzere, anasankha awiri. Malire a 11.5 ndi a sipesifisiti yaikulu, ndipo amatsegula khomo la thandizo lodula. Malire a 12.5 ndi a sensitiviti yaikulu, ndipo amatsogolera ku zinthu zotsika mtengo, monga uphungu wa kadyetsedwe, phala lowonjezera pamene lilipo, ndi kumuyezanso mwanayo posachedwa. Kuyeza mobwerezabwereza kumachepetsanso kuopsa kwa kuphonya, chifukwa mwana amene wadutsa mwezi uno akhoza kupezeka mwezi wamawa. Ndi chifukwa chake m'madera ambiri amayi amaphunzitsidwa kuyeza ana awo okha ndi lambayu.

## Zimene zimalakwika

Njira yotsimikizira ikakhala yosadalirika. Mzere wa ROC umakhulupirira kuti yankho lenileni likudziwika. Pa kunyentchera palibe njira yotero yopanda chilema. Kafukufuku wina amayerekeza mkono ndi kulemera molingana ndi msinkhu, ndipo mkono umaoneka kuti umaphonya ana ambiri. Koma njira ziwirizi zimaloza ana osiyana. Chikalata cha 2009 chija chinanena kuti mwa ana olozedwa ndi njira imodzi, pafupifupi 40 pa 100 okha ndi amene amalozedwanso ndi inayo. Sizikutanthauza kuti imodzi ndi yolondola ndipo inayo ndi yolakwa. Ndi chifukwa chake ofufuza ambiri amayerekeza njira zonse ziwiri ndi imfa ya mwana, poti cholinga cha kuyezako ndi kupewa imfa. Woona mzere wa ROC ayenera kufunsa kaye kuti odwala anadziwika bwanji.

Gulu loyezedwa likakhala losiyana. Sensitiviti ndi sipesifisiti zimasintha malinga ndi anthu amene ayezedwa. Ku Kilifi, malire a 11.5 anapeza 46 pa 100 alionse a ana amene anamwalira, ndipo anasiya 91 pa 100 alionse a ana amene anapulumuka. Amenewa anali ana odwala ogonekedwa m'chipatala, ndipo ziwerengero zawo sizingatengedwe ngati za ana a kusikelo ku Wenya. Komanso mkono umakula ndi msinkhu, choncho malire amodzi amapeza kwambiri ana aang'ono kusiyana ndi a zaka 3 kapena 4. Mzere umodzi wa ana onse umabisa zimenezi, ndipo zimaoneka pokhapokha mizere ikajambulidwa padera pa msinkhu uliwonse. Njira yoyezera imaonekanso yabwino mopitirira ngati ofufuza anangoyerekeza odwala kwambiri ndi anthu athanzi lenileni, n'kusiya a pakati amene ndi ovuta kuwazindikira.

Odwala akakhala ochepa. Sensitiviti imawerengedwa pa odwala okha. Ngati kafukufuku ali ndi odwala 20, mwana mmodzi amasuntha sensitiviti ndi 0.05. M'chitsanzo chija J ya 12.0 ndi ya 12.5 zinasiyana ndi 0.03 yokha, choncho mwana mmodzi akanatha kusintha malire osankhidwa. Chizindikiro chake ndi mzere wooneka ngati masitepe akuluakulu. Malire amene asankhidwa pa gulu limodzi amaonekanso abwino kwambiri pa gulu lomwelo, ndipo ayenera kuyesedwa pa gulu lina asanagwiritsidwe ntchito.

Kuyeza kukakhala kosasamala. Lamba akathinitsidwa kapena akakhwefuka, nambala imasintha ndi mamilimita angapo, zimene ndi zokwanira kuchotsa mwana pachikasu kumuika pofiira. Oyeza ena amakonda kulemba nambala zothera ndi 0 kapena 5. Izi zimadziwika poona kaundula: ngati ana a 11.5 ali ambiri koma a 11.4 ndi 11.6 akusowa, ndiye kuti nambala zikuzunguliridwa. Mwana wa 11.4 akalembedwa 11.5 amataya thandizo, chifukwa lamulo likunena za pansi pa 11.5.

Kutembenuza mbali. Pa miyezo yambiri, monga shuga, nambala yaikulu ndi imene imasonyeza matenda. Pa mkono ndi nambala yaing'ono. Mapulogalamu ena a pakompyuta, monga lamulo la `roc_curve` mu `scikit-learn`, amatenga nambala yaikulu ngati chizindikiro cha matenda. Wowerengera akapanda kutembenuza, mzere umagwera pansi pa mzere wowongoka wa pakati, ndipo AUC ya 0.89 imatuluka ngati 0.11. AUC yotsika kwambiri pansi pa 0.5 kawirikawiri imasonyeza cholakwa chimenechi.

## Mbiri ya dzina

ROC ndi chidule cha mawu atatu a Chingerezi onena za kagwiridwe ka ntchito ka cholandirira zizindikiro. Chiyambi chake ndi makina a rada a pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Woyang'anira rada ankayenera kuganiza ngati kadontho kooneka pa galasi ndi ndege ya adani kapena phokoso chabe. Akakhala watcheru kwambiri ankachenjeza anthu pachabe, ndipo akakhala wodekha kwambiri ankaphonya ndege zenizeni. Masamu ake anakonzedwa bwino m'zaka za m'ma 1950, ndipo akatswiri a zamaganizo David Green ndi John Swets anawafotokoza m'buku lawo la 1966 lonena za mmene anthu amamvera ndi kuona zizindikiro. Dokotala Lee Lusted anathandiza kuwabweretsa m'zachipatala poyesa mmene madokotala amawerengera zithunzi za ekisireyi. Mu 1982 James Hanley ndi Barbara McNeil analemba za tanthauzo la AUC ndi kawerengedwe kake. Masiku ano mzerewu umagwiritsidwanso ntchito polosera zanyengo ndi poona anthu oyenera kupatsidwa ngongole kubanki.

## Onaninso

- Kunyentchera kwa ana
- Chiponde
- Alangizi a zaumoyo
- Boma la Chitipa